Masewera a Munthu Wopacikidwa

Pa masewera onse amene ndimacita ndi ana a m'kalasi mwanga mvula ikatitsekera m'nyumba, amene ndiwakonda koposa ndi a munthu wopacikidwa. Safuna mpira kapena bwalo, koma coko ndi bolodi basi. Mwana mmodzi aganiza liu mumtima mwace, nalemba timizere pa bolodi, kamzere kamodzi pa cilembo ciri conse ca liulo. Pambali ajambula mtengo wokhala ndi cingwe. Anzace achula zilembo cimodzi-cimodzi. Cilembo cikakhalamo, acilemba pa malo ace onse. Cikasowa, ajambula ciwalo cimodzi ca munthu pa cingwe cija. Ife timawerenga ziwalo 6: mutu, thupi, manja awiri ndi miyendo iwiri. Munthuyo akatha kujambulidwa liu lisanadziwike, ochula zilembo agonja, ndipo kwathu gulu logonja ndilo lisesa m'kalasi tsiku limenelo.

Ana ambiri ayesa kuti masewerawa ndi a mwai cabe. Angoona timizere, ayamba kupfuula zilembo za m'maina ao. Koma ine ndiona kuti timizere tija timalankhula, ndipo mwana wodziwa mamangidwe a mau a Cinyanja amamva zambiri asanachule kanthu.

Masewerawa anatifika pamodzi ndi Cingerezi, ndipo amene anawaphunzira m'cinenero cimeneco amayamba ndi E, pakuti ndico cilembo cocuruka m'mau a Cingerezi. Nzeru imeneyo si ya kwathu. M'Cinyanja cilembo cocuruka ndi A. Tsegulani buku lanu pa tsamba liri lonse, muwerenge mizere itatu, mudzaona nokha. Cifukwa cace, pokhala palibe cina condiletsa, ine ndiyamba ndi A.

Cinthu caciwiri ndi ici. Mau athu amathera pa cimodzi ca zilembo zisanu, a, e, i, o, u, zimene tizicha mavawelo. Zilembo zinazo tizicha makonsonanti. Tsono kamzere kotsiriza si kacinsinsi kweni-kweni ai: pali zilembo zisanu zokha zimene zingakhalepo. Ndiponso m'kati mwa liu mavawelo sakonda kugundana. Alipo mau monga maina, ndeu ndi mvuu, koma ngowerengeka. Kawiri-kawiri pakati pa mavawelo awiri pamakhala konsonanti mmodzi kapena angapo. Tikadziwa ici, utali wa liu uyamba kutithandiza.

Taonani liu la timizere tinai. Ambiri a mau otere amayenda monga galu, moto, fisi ndi bowa: vawelo pa malo aciwiri, wina pa malo acinai. Liu la timizere tisanu liri ndi cilembo cimodzi coonjezera, ndipo funso ndi lakuti, kodi cakhala kuti? Mwina makonsonanti awiri aunjikana poyamba, monga mu mbuzi ndi njoka. Mwina aunjikana pakati, monga mu madzi ndi dimba. Mwinanso liu layamba ndi vawelo, monga usiku ndi ulimi. Vawelo woyamba amene mumpeza ndiye akuuzani njira yace. A akagwa pa malo aciwiri ndi acisanu, mipata iwiri yatsala pakati, ndipo ine ndichula N kapena M, pokumbuka banja, manja ndi kamba. A akagwa pa malo acitatu ndi acisanu, ndikumbuka nyama, mwana, njala ndi phala, ndipo ndiganizira N, M, W ndi H. Zilembo zinaizi, pamodzi ndi Y, ndizo zimadzaza mipata ya makonsonanti ounjikana.

Ndikuuzeni za masewera amodzi amene ndinawaonerera ndiri cete kumbuyo kwa kalasi. Mtsikana wina analemba timizere 7. Gulu la anyamata linachula A, ndipo anagwa pa malo acisanu pokha. Mnyamata wina wacete, amene anzace anamsankha kukhala mtsogoleri, anati, "Potsiriza pali vawelo, ndipo si A. Tiyese I." I anagwa potsiriza pomwepo, osaonekanso pena.

_ _ _ _ A _ I

Pamenepo mnzace wina anafulumira nati U, poganiza liu lakuti kumbali. Sikunali kuganiza koipa, pakuti kumbali likwana bwino pa timizere timeneto. Koma U munalibe, ndipo mtsikana uja anajambula mutu mokondwa. Ena anayamba kunena kuti, "Tiyese E! Tiyese O!" Mtsogoleri anawaletsa. Anaona kuti ngati mavawelo awiriwa mulibenso, munthu adzakhala ndi mutu, thupi ndi dzanja, theka la ziwalo litatha, iwo asanadziwe kanthu. Anafuna cilembo cimodzi coyankha mafunso ambiri, nasankha N.

Taonani ubwino wa N pamenepa. Akadagwa pa malo acisanu ndi cimodzi, liu likadakhala lolamula anthu ambiri, monga lembani. Akadagwa pa malo acitatu, tikadadziwa kuti pa malo aciwiri pali vawelo. Akadasowa konse, M akadayembekezeka, monga mu mphwayi. Koma N anagwa poyamba pokha.

N _ _ _ A _ I

Tsono panatsala mipata itatu pakati pa N ndi A. Vawelo akadatha kubisala m'menemo, koma mtsogoleri sanakumbuke liu lotere. Cimene cinamfika m'mutu ndi mulu wa makonsonanti anai, wonga wa mu nkhwangwa. Mulu wotere sulephera kukhala ndi H, ndipo atamchula, H anagwa pa malo acitatu. Kucokera apa nchito inapepuka. M'kati mwa mau athu H amatsata P, T, K kapena C. Koma P sakhala pambuyo pa N, pakuti timalemba mph, osati nph. Pambuyo pa H pamadza vawelo, kapena W, kapena Y. Ndipo popeza A anali kale pa malo acisanu, vawelo wina sakadamgunda. Anachula W, nampeza. Anachula K, nampezanso.

N K H W A _ I

Apa nzeru ya timizere inafika pothera. Liu lakuti nkhwani linali litagwa kale, pakuti N waciwiri akadaoneka pa nthawi ija. R sakadakhalapo, pakuti timalemba R pambuyo pa I ndi E, koma pambuyo pa A, O ndi U timalemba L. Panatsala mbalame ziwiri: nkhwali ya m'thengo ndi nkhwazi ya kumadzi. Anyamata anayamba ndi L, popeza ndiye wocuruka m'mau, ndipo mtsikana anajambula thupi. Pamenepo onse anapfuula Z. Liu linali nkhwazi, mbalame imene iri pa mbendera ya dziko lathu la Zambia kuyambira 1964. Munthu wa pa cingwe anapulumuka ali ndi ziwalo ziwiri zokha, ndipo matsache anagwira ndi atsikana.

Cimene cinandikondweretsa si kupambana kwao, koma kuti anyamatawa anafika pa mbalame ziwiri zija ali nazo ziwalo zisanu zosungira. Akadamwaza ziwalo pa E ndi O ndi zilembo za m'maina ao, L yekhayo akadatha kuwapacikitsa.

Mau atali amaopsya ana pa bolodi, koma ndiwo apafupi. Liu lalitali liri ndi mavawelo ambiri, kotero kuti nkobvuta kuphonya. Ndiponso ambiri a mau atali ndi onena za kucita, amene ayamba ndi ku- nathera pa -a. Mukaona timizere 8, A nagwa potsiriza pokha, yesani U; akagwa pa malo aciwiri, K wa poyamba mwampeza kale, ndipo musafulumire kumchula kufikira mutasowa cina. Pali lamulo linanso limene pakamwa panu palidziwa, ngakhale simunaliwerenge m'buku. Timati kulimira, kugulira ndi kusamira, koma kugonera ndi kupemphera. Ndiko kuti, tsinde la liu likakhala ndi A, I kapena U, kutsogolo kumadza I. Likakhala ndi O kapena E, kumadza E. Tsono mukaona

_ U _ O _ _ _ A

musataye ciwalo pa I. Chulani E, ndipo akagwa pa malo acisanu ndi cimodzi, R ndiye woyamba kumganizira pambuyo pace. E akasowa, mwaphunzirabe kanthu: kapena mipata itatuyo ndi ya makonsonanti okha-okha, monga mu kukonkha, ndipo mubwerere kwa N ndi H.

Mau afupi ndiwo msampha weni-weni. Mwana wocenjera akafuna kupacika anzace salemba kuphunzitsa. Alemba timizere titatu. A agwa potsiriza, U agwa poyamba, ndipo onse asekera poyesa kuti atha. Koma pakati pangakhale F wa ufa, T wa uta, M wa uma, Z wa uza, kapena W wa uwa, ndipo palibe kamzere kena kowauza kanthu. Comweconso liu la timizere tinai lokhala ndi A pawiri lingakhale bala, dala, wala, pala, gawa kapena tama. Pamenepa ine sindiyesa kulasa liu lonse. Ndiyamba ndachula mumtima mau onse amene ndiwakumbuka, ndi kusankha cilembo copezeka mwa ambiri a iwo. Pa mau asanu ndi limodzi awa L ali mu anai, motero ndiye woyamba. Ngakhale atero, nthawi zina munthu amapacikidwa ndithu, ndipo palibe wolakwa.

Musanayambe, pangananitu za kalembedwe, cifukwa ndeu zambiri za masewerawa zimabuka pamenepo. Liu lakuti ng'ombe liri ndi kacizindikiro pambuyo pa G. Ife timakalemberatu pa bolodi, osakapatsa kamzere, ngakhale kuti potero N ndi G aululika. Ndipo ngati m'kalasi muli mnzanu amene anayamba sukulu ku Malawi, kumbukani kuti kumeneko amalemba CH pamene ife tilemba C yekha. Cala ca dzanja kwa inu ndi timizere tinai, kwa iye tisanu. Q ndi X musawachule konse, pakuti m'mau a Cinyanja mulibe.