Mavoti 35 m'gulu la anthu 26

Pa Chiwiri chija tinakonza mipando 26 kuseri kwa sitandi ya telala ku City Market, koma panakhala anthu 8 chabe. Makina ojambulira mawu tinachita kubwereka ku wayilesi kumene timathandizako, ndipo anatipatsa tsiku limodzi lokha. Pulogalamu yake inali ya moto m'misika. Msika uno unapsa mu Julayi 2017, ndipo tinkafuna kuti amene anataya katundu afotokoze okha. Mwa amalonda asanu amene anavomera kulankhula, anabwera mmodzi.

Chimene chinatiwawa n'chakuti tsikulo sitinalisankhe mwankhanza. Tinavota. Gulu lathu la omvera wayilesi pa WhatsApp lili ndi anthu 26: amalonda a mumsika, achinyamata a ku Kabwata ndi ku Chelstone, ndi ena ogwira ntchito m'nyumba za ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Titatopa ndi mauthenga a "ine Chiweru", "ine Chiweru sindingakwanitse", tinati tiyeni tiike voti.

Kuika voti sikuvuta. Pa foni ya Android timatsegula gulu, n'kudina kachizindikiro kotumizira zithunzi kali pambali pa malo olembera, n'kusankha Poll. Pa iPhone timadina + kaye. Pamwamba timalemba funso, pansi mayankho, ndipo mayankhowo angafike 12. M'munsi mwenimweni muli kabatani kolembedwa Allow multiple answers. Kakakhala koyaka, munthu angasankhe mayankho angapo. Kakazima, amasankha limodzi basi.

Ife tinakazimitsa. Tinaganiza za chisankho cha dziko, munthu mmodzi voti imodzi, tikuona ngati chilungamo chake n'chomwecho. Funso linali lakuti "Tikumane liti?" Anavota anthu 18. Chiwiri chinapeza 7, Chinayi 6, Chiweru 5. Chiwiri chapambana, tinalengeza, n'kukasainira makina.

Titabwerera kunyumba ndi mawu a munthu mmodzi, tinayang'ananso manambala aja. Anthu 7 anasankha Chiwiri, koma 11 anasankha masiku ena, ndipo voti sinatiuze ngati 11 amenewo angakwanitse pa Chiwiri. Sitinawafunse zimenezo. Tinafunsa tsiku limene aliyense amakonda koposa, pamene chimene msonkhano umafuna ndi tsiku limene anthu ambiri angapezeke. Mafunso awiriwa ndi osiyana. Munthu wa ku Chelstone angakonde Chiweru, komabe pa Chinayi akhoza kukwera basi n'kubwera, pamene pa Chiwiri ali ku sukulu. Voti ya yankho limodzi imangoonetsa Chiweru chakecho, zotsalazo imabisa.

Ulendo wachiwiri tinasiya kabatani kaja koyaka. Funso tinalilemba motere: "Dinani masiku ONSE amene mungakwanitse kubwera ku City Market, 14:00 mpaka 16:00." Pa yankho lililonse tinalemba dzina la tsiku pamodzi ndi deti, chifukwa "Chinayi" chokha wina amamva cha sabata ino, wina cha sabata yamawa. Tinawerenga kawiri tisanatumize, popeza tinali titaona kale kuti voti yolakwika umafika poifufuta n'kuyambanso, mavoti onse n'kupita nayo. Kenako tinaikhomera pamwamba pa gulu ndi Pin kwa masiku 7 kuti isamire m'mavidiyo ndi m'mauthenga a m'mawa.

Zotsatira zinatuluka: Chiwiri 9, Chinayi 15, Chiweru 11. Pasanathe mphindi khumi, amayi ena ogulitsa salaula anatumiza uthenga wa mawu. "A tcheyamani, ine sukulu sindinapite patali, koma kuwerenga ndalama ndimadziwa. Ndaphatikiza ndapeza 35. M'gulu muno tilimo 26. Enawo achokera kuti? Mwayamba kuba mavoti ngati andale?"

Amayiwo sanalakwitse masamu. Nambala imene ili pambali pa tsiku imawerenga anthu amene adina tsikulo. Munthu amene wadina masiku atatu amaoneka katatu, kamodzi pa tsiku lililonse, koma sangadine tsiku limodzi kawiri. Choncho kuphatikiza manambala atatuwo sikupereka chiwerengero cha anthu. Chofunika kuyang'anitsitsa ndi nambala ya tsiku limodzi: imeneyo singapitirire anthu a m'gulu.

M'mawa mwake tinapita pa sitandi yawo n'kudina View votes, pansi pa voti. Pamenepo pamaoneka maina a onse amene asankha tsiku lililonse. Tinatenga kope, n'kulemba dzina lililonse kamodzi kokha, ndipo tinapeza anthu 19. Amayiwo anapeza dzina lawo kawiri, pa Chinayi ndi pa Chiweru, n'kuseka. "Ndiye wakubayo ndine?" anatero. Apa nkhani inamveka: mwa anthu 19 amene anavota, 15 angabwere pa Chinayi.

Mainawo anatiphunzitsanso china. Voti imeneyi si yachinsinsi, aliyense m'gulu amaona amene wasankha chiyani. Posankha tsiku zimenezi n'zabwino, chifukwa tinatha kuona ngati anthu ofunika kwambiri ali pa tsiku lopambana. Anthu 15 popanda amalonda olankhula bwenzi ili nkhani ya pa Chiwiri yomweyo. Titafufuza, tinapeza kuti mwa amalonda asanu aja, awiri anadina Chinayi, mmodzi Chiweru chokha, ndipo awiri sanavote n'komwe.

Kusavota sikutanthauza kukana. Mmodzi bandulo inamuthera. Winayo alibe foni yakeyake, amagwiritsa ntchito ya mng'ono wake, ndipo WhatsApp imawerenga nambala ya foni, osati anthu amene akuigwira. Anthu awiri pa foni imodzi ndi voti imodzi. Tinazungulira msika ndi kope lathu, kuyambira mbali ya msewu wa Lumumba, tikufunsa pakamwa. Mwa anthu 7 osavota tinapeza anayi, ndipo atatu anati Chinayi chili bwino, kuphatikizapo amalonda awiri aja. Tinawalemba m'gulu poyera kuti wina asadzati tawonjezera anthu mumdima.

Vuto lomaliza ndi lakuti voti imayenda. Munthu akadinanso tsiku limene anasankha, voti yake imachoka, ndipo palibe uthenga umene umalowa m'gulu kunena kuti wina wasintha. Chinayi chinatsika kufika 14 masana, madzulo chinabwerera pa 15. Mwamwayi tinali titanena kale kuti kuwerenga kutha pa Sondo 18:00. Nthawi itakwana tinajambula sikirini, n'kutumiza chithunzicho m'gulu ndi mawu akuti zimene zisinthe pambuyo pa apa sitiwerenga. Tinagwirizananso voti isanayambe kuti masiku awiri akafanana, lipambane limene lili ndi amalonda olankhula ambiri. Lamulo lotere mukalipanga manambala atatuluka kale, aliyense amaliona ngati chinyengo.

Pa Chinayi tinayembekeza anthu 18, anabwera 16. Amalonda anayi analankhula, ndipo mmodzi anafotokoza mmene anafikira m'mawa wa moto uja n'kupeza mabelo ake ali phulusa. Wachisanu, wa Chiweru uja, tinamulonjeza kuti tidzamujambula payekha pa foni. Amayi a salaula anafika oyamba, atanyamula mpando wawo kuchokera pa sitandi, ndipo tisanayatse makina anaimirira n'kuwerenga mitu okha.