Matini angati pa tsiku? Masamu a chigayo cha gulu ku Chongwe

Ntchito yanga ndi yoimika zigayo ndi kuzikonza zikafa. Ndimayenda ku Chalimbana, Kanakantapa ndi midzi ya m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata. Chikwerereni ndalama za CDF mu 2022, pamene dera la phungu aliyense linayamba kulandira K25.7 miliyoni, magulu a amayi ndi makopaletivi ambiri akufuna chigayo, ndipo amandiitana ndisanagwire n'komwe sipanala. Amafuna ndiwathandize tsamba limodzi la pempho lawo, lija losonyeza ndalama zotuluka, zolowa, ndi nthawi imene chigayo chidzabweze mtengo wake.

Tsamba limeneli ambiri amalilemba motere. Wogulitsa ku Lusaka wanena kuti makinawa amagaya matini 100 pa tsiku. Tini ndi K12, mwezi uli ndi masiku 26 a ntchito, ndiye kuti K31,200 pa mwezi. Chigayo ndi injini yake ndi K85,000. Pomwepo mlembi amalemba mokondwa kuti ndalama idzabwerera miyezi itatu isanakwane. Wogulitsayo sananame, makina angathedi kugaya chimanga chonsecho. Koma sananene kuti matini 100 amenewo adzachokera kukhomo kwa yani.

Ndifotokoze mmene tinawerengera ndi gulu lina la amayi cha ku Kanakantapa. Manambala ndawasalaza kuti masamu aoneke bwino. Inu muikemo mitengo ya tsiku limene mukulemba.

Tinayamba ndi mtengo weniweni. Chigayo sichiima pamtetete. Chimafuna nyumba yamalata yokhala ndi chitseko cholimba, ndi simenti yochindikala pansi yomangirapo mabauti, apo ayi kunjenjemera kumatha mabelingi msanga. Zimenezo tinaika K30,000. Kunyamula kuchokera ku Lusaka ndi kuimika, K5,000. Dizilo woyambira, sefa yapadera, malamba ndi oilo, K5,000 inanso. Ija inali K85,000 inasanduka K125,000, ndipo imeneyi ndiyo ndalama yoyenera kubwezedwa.

Kenaka ndinafunsa funso limene amcheyamani sanalikonde: pa K12 ya tini imodzi, yotsala m'manja ndi zingati? Kuti mudziwe, musadalire kabuku ka injini. Pitani pa chigayo chofanana nacho chimene chagwira kale chaka, dzazani thanki, agaye ola lathunthu inu mukuwerenga matini, kenaka dzazaninso ndi botolo la lita mpaka pomwe panali poyamba. Ife tinapeza kuti lita imodzi imagaya matini 6 a mgaiwa wosalala. Dizilo wa K30 pa lita ndiye kuti K5 pa tini. Tinachotsanso K1 pa tini ya zinthu zimene zimatha pogaya: mahamala, sefa, malamba, oilo ndi girisi. Yotsala ndi K6, theka chabe la imene mayi wapereka pakhomo.

K1 imeneyi anthu amafuna kuifufuta kuti pempho lioneke lokoma, koma ikafufutidwa imabwerera kudzera m'thanki. Mahamala akabuntha, tini imachedwa, unga umatuluka wotentha m'manja, injini imafuka utsi wakuda, ndipo lita ija imagaya matini 4 m'malo mwa 6. Mahamala amatembenuzidwa kuti ngodya ina igwire ntchito, ndipo ngodya zonse zikatha mumagula ena, onse pamodzi, chifukwa kusakaniza atsopano ndi akale kumagwedeza makina. Sefa nayo ikabooka ndi kamwala kapena msomali, mu unga mumaoneka misere, ndipo amayi a mudzi wonse amadziwa dzuwa lisanalowe.

Palinso ndalama zotuluka kaya mwagaya kaya simunagaye. Wogayitsa K1,500, mlonda K800, za ku khonsolo ndi tina n'tina K200, zonse K2,500 pa mwezi. Mukagawa K2,500 ndi K6 mupeza matini 417, kapena kuti 16 pa tsiku. Tsiku lililonse limene simunafike pa 16, gulu ndilo likudyetsa chigayo.

Tsopano pofika pa zolowa, apa m'pamene ndimakhalitsa. Sitinaganizire, amayi anayenda khomo ndi khomo kuwerenga mabanja amene angafike ndi tini pamutu kapena panjinga, n'kuchotsapo amene ali pafupi ndi chigayo china. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi tinaliwerengera matini atatu pa mwezi, pafupifupi thumba la makilo 50. Ndipo chaka sichifanana. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala nkhokwe zili zodzaza, ena akugayitsa chimera, ena chakudya cha nkhuku ndi nkhumba: tinaika matini 50 pa tsiku, 1,300 pa mwezi, phindu K5,300. Novembala mpaka Januwale, anthu ali kumunda ndipo ndalama yapita ku feteleza ndi kusukulu: matini 30 pa tsiku, phindu K2,180. Febuluwale mpaka Epulo chimanga chatha m'makomo ambiri, ndipo kuno ku Chongwe, makilomita 45 okha kuchokera ku Lusaka, unga wa m'matumba suchedwa kufika m'magolosale: matini 15 pa tsiku, gulu likuluza K160 pa mwezi.

Chaka chonse chinapereka K37,860. Tinachotsapo K5,000 yotsegulira injini kamodzi pa chaka, maringi ndi nozo, n'kutsala K32,860. K125,000 kugawa ndi K32,860 ndi zaka zitatu ndi miyezi khumi. Amsungichuma anangoti, "Abambo, mwatiphera chigayo chathu." Sindinachiphe ayi. Chigayo chosamalidwa chimapitirira zaka zimenezo kutali. Chimene chinafa ndi ganizo lotenga ngongole yobweza m'zaka ziwiri, imene phindu la K32,860 pa chaka silikanaikwanitsa. Ndiye nambala imeneyi muziiika pafupi ndi nthawi yobwezera ngongole, ndipo chiwongoladzanja chilowe m'zotuluka.

Pansi pa masamu amenewa ndimaumirira kuti pakhale mizere iwiri yoyesa zinthu zikavuta. Woyamba ndi wa dizilo, poti bungwe la ERB limaunikanso mtengo wake mwezi ndi mwezi. Pa chaka gululi ligaya matini 11,310. Lita ikakwera ndi K5, zotuluka zikwera ndi K9,400, ndipo kubweza kumapitirira zaka zisanu. Kukweza tini ndi K2 kungatseke dzenjelo, ngati chigayo choyandikana nacho chakwezanso. Wachiwiri ndi wa chilala. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi ngozi ya dziko lonse, ndipo zigayo zambiri zinakhala chete m'miyezi imene timaitcha yabwino. Lembani chaka chimodzi chotero, matini mutawadula pakati, muone ngati gulu lingapirire.

Ena amati nanga bwanji cha magetsi, poti tini imagayika motsika mtengo. N'zoona, ngati mawaya atatu a ZESCO ali kale pafupi. Ngati mufunika thiransifoma yanuyanu, pemphani mtengo wake wolembedwa musanalembe china chilichonse, chifukwa ungapose wa chigayo chenichenicho. Mukumbukirenso 2024, madzi atatsika ku Kariba, pamene magetsi ankabwera maola ochepa, nthawi zina pakati pa usiku.

Amayi aja anasiya zopempha ngongole, napempha thandizo losabweza la theka la mtengo, lina n'kusonkha okha. Anagwirizananso kuti m'miyezi yanjala injini izilizidwa Lachiwiri ndi Lachisanu basi, matini ataunjikana, ndi kuti wogaya pangongole azisiya meda imodzi ya chimanga.