Mawu amene ndinanena potsanzikana ndi adalaivala athu

Ahedi anandiimbira foni Lolemba kuti, monga wapampando wa komiti ya makolo, ndidzalankhule pa mwambo wotsanzikana ndi adalaivala a basi ya sukulu yathu ku Blantyre. Anali atagwira ntchito zaka 20 ndipo ankapuma. Anandipatsa mphindi zisanu. Usiku womwewo ndinalemba tsamba lathunthu: bambo wolimbikira, wodzichepetsa, wosunga nthawi, wokonda ana. Nditawawerengera akazi anga, anangoti, “Bambo, mawu amenewa mukhoza kuwanenanso kwa alonda kapena kwa amayi ophika phala. Adalaivala ali pati m’menemu?”

Ndinalibe yankho. Ana anga atatu anakwera basi imeneyo, koma ine ndinkangodziwa kuti imafika pa siteji yathu 6:15. Choncho ndinapempha kuti Lachitatu ndikaone mmene tsiku lawo limayambira.

Ndinafika pasukulu 5 koloko, kukadali mdima. Ndinawapeza atavala ovolosi, tochi kumanja, kachitsulo kumanzere. Asanalize injini anayang’ana oyilo ndi madzi, kenaka anaunika pansi pa basi kuti aone ngati china chadontha usiku. Atatero anazungulira akumenya tayala lililonse ndi kachitsulo kaja. Anandiuza kuti kumbuyo matayala amakhala awiriawiri, ndipo lamkati likhoza kuphwa osaoneka chifukwa linzake lalinyamula. Lokhuta limalira molimba, lophwa limangoti phu. Anaunikanso manati onse. “Mukaona kamzere ka dzimbiri kakuchokera pa nati, dziwani kuti yayamba kumasuka,” anatero.

Chimene chinawatengera nthawi ndi mabuleki. Basi yathu imagwira mabuleki ndi mpweya, ndipo m’matanki a mpweyawo mumadzikundikira madzi. Anagwada, n’kukoka kawaya pansi pa tanki, madzi n’kutuluka ndi mkokomo. Anati madziwo akatuluka osakanikirana ndi oyilo, ndiye kuti makina opopa mpweya akutha. Kenaka analiza injini, n’kudikira muvi wa pa kawotchi ka mpweya kuti ukwere. Utakwera anazimitsa injini, n’kuponda buleki osachotsa phazi kwa mphindi imodzi, maso ali pa muvi, khutu lili kunja. Muvi umatsika pang’ono poponda, kenaka uyenera kuima. Ukapitirira kutsika, mpweya ukuthawa penapake.

Nditaona zimenezo nkhope yanga inatentha, chifukwa ndinakumbukira tsiku lina zaka 9 zapitazo. Mwana wanga wachisamba ankalemba mayeso a kumapeto kwa teremu, ndipo basi sinabwere. Ndinathamangira kusukulu pa galimoto ya mnzanga, n’kuwapeza ali pansi pa basi. Ndinawakalipira pamaso pa alonda ndi ana amene anali atafika kale. Ndinawafunsa kuti amalandira malipiro a chiyani. Iwo anatulutsa mutu n’kunena kuti, “Pepani bambo, muvi ukutsika. Sindinganyamule ana.” Ndinachoka ndikung’ung’udza, osamva n’komwe tanthauzo la mawuwo. Pambuyo pake ndinamva kuti makanika anapeza paipi ya mpweya itang’aluka. Njira ya basiyo ili ndi mtsetse wautali, ndipo kumunsi kwake kuli msika. Sindinapepese. Tinkangopatsana moni ngati kuti palibe chinachitika.

Lachitatu lija ndinakwera nawo ulendo wonse. Pa siteji iliyonse sankanyamuka mwana womaliza asanakhale pansi. Titafika kusukulu ana onse atatsika, anayenda mpaka kumpando wakumbuyo akusuzumira pansi pa mipando. Anati mwana wa Sitandade 1 akagona sawoneka pa galasi, ndipo basi yotseka mawindo ikakhala padzuwa imatentha ngati uvuni. Ndinawafunsa chifukwa chake akupuma pamene akuonekabe amphamvu. Anandiyankha kuti m’bandakucha nyali za galimoto zobwera kutsogolo zayamba kuwathobwa m’maso, ndipo anakawauza okha ahedi. Palibe amene akanadziwa.

Ndinang’amba tsamba loyamba lija. Ndinazindikira kuti ntchito ya dalaivala wabwino imavuta kuyamika chifukwa zipatso zake ndi zinthu zimene sizinachitike. Mphunzitsi amaloza ana amene akhoza mayeso. Dalaivala angaloze chiyani? Njira yokha ndi kutchula zimene ankachita ife tili mtulo. Ndinawapemphanso chilolezo chonena za maso awo, popeza nkhani ya thanzi la munthu si yolengeza mwini asanavomere. Anavomera.

Lachisanu m’mawa ana anakhala pa kapinga, makolo pa mipando, iwo ndi amayi akunyumba kwawo kutsogolo. Nditalemekeza onse, ndinanena izi:

“Bambo, munabwera pano ana akukutchulani kuti Ankolo. Lero akukutchulani kuti Agogo, ndipo ena mwa amene mwawanyamula chaka chino ndi ana a amene munawanyamula poyamba. Mwatiyendetsa materemu 60. Ife makolo tinkadziwa 6:15, sitinkadziwa 5 koloko. Sitinkadziwa kachitsulo komenyera matayala, kapena mawondo anu pa simenti yozizira ya mwezi wa Juni. Nthawi ya kusowa kwa mafuta mu 2011 munkagona pa mzere wa dizilo kuti ana asajombe. Paulendo wokaona nyama ku Majete ana ankadandaula kuti mukutsika mapiri a ku Chikwawa ngati kamba. Inu munkatsika pa giya yaying’ono kuti mabuleki asatenthe, ndipo onse anabwerako n’kudzatisimbira za njovu.

“Ana inu, Agogo akupuma chifukwa anaona okha kuti maso awo ayamba kufooka, ndipo anakanena okha. Anasankha kusiya chiwongolero kusiyana ndi kukuikani pa ngozi. Musadzaiwale zimenezi.

“Tsopano ndili ndi mawu anga. Zaka 9 zapitazo ndinakukalipirani pabwalo lino chifukwa munakana kuyendetsa basi yothawa mpweya. Mwana wanga akanakhala m’basi imeneyo. Lero ndi uyo wakhala apoyo, wamaliza sukulu ya unamwino. Ndinakunyozani pagulu, ndipo ndikupepesa pagulu. Mundikhululukire, bambo. Zikomo.”

Ndinakhala pansi mphindi zisanu zisanathe. Sindinanene mawu oti “wolimbikira” ngakhale kamodzi. Kunali zii kwa kanthawi, kenaka amayi ena kumbuyo anayamba nthungululu. Iwo anaimirira, n’kubwera kudzandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Anati, “Bambo, ine ndinaiwala kalekale. Inunso tsiku lija munkadera nkhawa mwana yemweyo.”

Mwambo utatha ndinawaona akupita kumene kunali basi pamodzi ndi mnyamata amene akulowa m’malo mwawo. Anali atavala suti yawo ya pa mwambo, koma anayala katoni pansi, n’kugwada, n’kumusonyeza kawaya ka pansi pa tanki. Atadzuka anamupatsa kachitsulo kaja.