Uthenga wa tsiku lokwanitsa chaka

Pa nkhani ya maliro ife sitichedwa. Uthenga ukangomveka masamba aikidwa kale pamsewu, amayi afika ndi ufa ndi nkhuni, adzukulu alawirira kumanda, akwaya achezera kuimba kusiwa. Kusukulu pepala la chipepeso limayenda kuchokera kwa ahedi mpaka kwa alonda. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ndipo pa masiku atatu oyambawo timaliranadi. Koma chaka chikamakwana, namfedwa uja nthawi zambiri amakhala ali yekha ndi kalendala yake. Tonse taiwala tsiku, koma iye wakhala akuliwerengera kuyambira mwezi wathawo.

Anzanga aphunzitsi, ndi inu amene ndinakuphunzitsani ndipo tsopano muli pa mabanja anu, ndikufuna tikambirane za uthenga umene timatumiza pa tsiku limeneli. Ndi wovuta kulemba kuposa wa tsiku la maliro. Pa maliro mawu akuti pepani amakwanira, chifukwa aliyense akulira. Pakatha chaka, uthenga ukhoza kutonthoza munthu, komanso ukhoza kumuuza mosadziwa kuti nthawi yake yolira yatha, atipumitse.

Mwambo wathu umene umatikankhira ku maganizo amenewa. M'midzi yambiri ya Achewa pamakhala kumeta patangopita masiku ochepa chiikire maliro. Kenaka pakapita miyezi, kawirikawiri anthu atakolola, amafulula mowa wa bona kuti mzimu wa malemu ukhazikike, ndipo wamasiye amamasulidwa. Masiku ano mabanja ambiri amamanga chiliza n'kuitana abusa kapena ansembe kudzachivundukula. Miyambo imeneyi ndi yabwino, imasonkhanitsa abale ndipo imauza mudzi kuti wamasiyeyu asasalidwenso. Koma imamasula munthu pamaso pa anthu basi. Mtima suyendera tsiku limene akubanja agwirizana.

Mnzanga wina, amene tinali naye limodzi ku koleji ndipo akuphunzitsa m'boma lina, anataya mkazi wake mu Juni chaka chatha. Anamusiyira ana atatu, wamkulu ali Fomu 4. Kuntchito amapita, makalasi ake akuyenda, mpira amaonera n'kumaseka. Koma sanasunthe chilichonse kuchipinda, ndipo Lamlungu sakhalanso pa benchi imene ankakhala awiri. Kutatsala masiku anayi kuti chaka chikwane ndinamulembera uthenga uwu pafoni, ndipo wandilola kuti ndikuonetseni:

“Achimwene, Lachinayi likudzali chaka chikwana chichokereni alamu anga. Tsikuli sindinaiwale. Dzulo ndadutsa pamsika ndaona mbatata zoyamba, ndakumbuka futali amene anatiphikira titabwera kochonga mayeso, mmene anatikalipira kuti aphunzitsi akuluakulu tikudya osasamba m'manja. Ndimawasowa nanenso. Ndikudziwa kuti kwa inu chakachi chatha pa kalendala pokha. Loweruka ndibwera ndi basi ya m'mawa. Ngati mukufuna kupita kumanda tipitira limodzi, ngati simukufuna tikhala pakhonde. Mwana wathu wa Fomu 4 anditumizire mafunso a masamu amene akumuvuta, tidzaonere limodzi. Musavutike n'kuyankha.”

Uthengawu ndi waufupi, koma chiganizo chilichonse ndinachiganizira. Choyamba ndi nthawi yotumizira. Anamfedwa ambiri amanena kuti masiku oyandikira tsikulo ndi amene amawawa kwambiri kuposa tsiku lenilenilo. Munthu amayamba kubwereza zonse m'mutu: lero ndi tsiku limene tinapita naye kuchipatala, lero ndi limene adokotala anandiitanira pambali. Nyengo nayo imathandizira kukumbutsa. Kwa mnzangayu ndi chisanu cha Juni ndi fungo la mbaula. Uthenga wofika pa tsiku lenilenilo umapeza munthu atavutika kale yekha sabata yonse, pamene wofika msanga umamuuza kuti pali wina amene akuwerenga naye masikuwo.

Chachiwiri ndi kumutchula womwalirayo monga mmene tinkamuitanira ali moyo. Ine ndinalemba kuti alamu anga, osati malemu. Mawu akuti malemu ndi aulemu, ndipo ali ndi malo ake pa mwambo ndi pa mauthenga achisoni a pawailesi, koma amamuika munthu patali. Ambirife timaopa kutchula womwalira poganiza kuti tikumbutsa mnzathu chisoni. Kodi munthu amene amadzuka tsiku lililonse pa bedi la anthu awiri ali yekha angaiwale kuti tichite kumukumbutsa? Chimene amaopa iye n'chakuti ena tonse taiwala. N'chifukwa chake ndinaikamo nkhani ya futali. Mawu akuti anali mayi wabwino akhoza kunenedwa pa maliro a aliyense. Koma futali uja ndi kukalipa kuja ndi za munthu mmodzi yekha, ndipo mwamuna wake akawerenga amamuona ataima pakhomo la khitchini.

Chachitatu ndi zimene ndinasiya dala. Sindinalembe kuti limbani mtima. Mnzangayu walimba mtima chaka chathunthu, waphunzitsa, walipira fizi, waphunzira kugula zovala za mwana wamkazi. Kumuuzanso kuti alimbe kuli ngati kumuuza kuti misozi yake yatitopetsa. Sindinalembenso kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Ndife opemphera tonse awiri, koma mawu amenewa amakoma akachokera pakamwa pa wofedwa mwini wake, pa nthawi yake. Tikumbukire anzake a Yobu: anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala naye chete, zinthu zinasokonekera atayamba kumufotokozera chifukwa chimene akuvutikira. Ndipo za banja lina sindinayerekeze n'komwe. Abambo ofedwa amamva mawu amenewa msanga, akuti ana akufunika mayi, mupeze wokuchapirani. Mwina tsiku lina adzakwatira, koma uthenga wa tsiku lokumbukira mkazi wake si malo ake.

Chachinayi ndi lonjezo lokhala ndi tsiku. Tonse timadziwa mawu aja akuti mukafuna chilichonse mundiuze. Wofedwa sanena. Alibe mphamvu zoganizira chimene akufuna, komanso amachita manyazi kupempha kwa anthu amene anasonkha kale chipepeso. Ndi bwino kunena chinthu chimodzi chimene mungathedi: ndibwera Loweruka, nditenga ana pa holide, ndigula matumba awiri a simenti a chiliza. Ife aphunzitsi tili ndi mphatso ina imene sitiiwerengera. Tikhoza kukhala pansi ndi mwana wamasiye amene akukonzekera mayeso, kapena kumutengera mnzathu mapiriyodi ake a tsiku limenelo kuti asaime kutsogolo kwa ana mtima uli kumanda. Koma lonjezo likhale loti mulikwaniritsa. Kulonjeza Loweruka n'kusafika kumapweteka kuposa kukhala chete.

Ndinamaliza ndi mawu akuti musavutike n'kuyankha. Mwa chikhalidwe chathu munthu akapepesedwa amayenera kuthokoza, ndiye uthenga uliwonse umasanduka ngongole. Mnzanga sanayankhe Lamlungu limenelo, ngakhale Lolemba. Lachitatu usiku anangolemba kuti, “Mubwere ndi jekete, kuno kukuzizira.” Yankho limenelo linandikwanira.

Pali funso limene mphunzitsi mnzanga wina anandifunsa: kodi munthu kumalirabe chaka chitatha si matenda? Nthawi zambiri ayi. Akatswiri awiri a za maganizo a ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, analongosola mu 1999 kuti wofedwa sayenda njira yowongoka kuchoka pa chisoni kupita pa kuchira. Amapita uku ndi uku. Nthawi ina amayang'anana ndi imfayo, kulira ndi kukumbuka, nthawi ina amaiika pambali n'kumakonza moyo watsopano, monga ntchito, ana ndi ndalama. Kusinthasintha kumeneku ndiye kuchira kwake. Choncho mukamuona mnzanu akuseka pa mpira Loweruka musati wachira, ndipo mukamuona akulira Lamlungu musati wabwerera m'mbuyo.

Komabe malire alipo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse linaika chisoni chokhalitsa pa mndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Limanena za chisoni chimene chapitirira miyezi 6, chapyola zimene chikhalidwe cha munthuyo chimayembekeza, ndipo chikumulepheretsa kukhala moyo wa tsiku ndi tsiku. Chizindikiro chachikulu si misozi ayi, koma kuima kwa moyo. Kwa mphunzitsi zimaoneka msanga: kujomba pafupipafupi, makope osachonga milungu ingapo, kuonda, kusagona, mowa umene kale kunalibe, kudzipatula kwa anzake. Akayamba kunena kuti bola ndimutsatire, kapena kugawa katundu wake popanda chifukwa, uthenga wa pafoni sukwaniranso. Pitani, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha, musamusiye yekha, ndipo mumuperekeze kuchipatala cha boma chapafupi. Thandizo la matenda a maganizo limapezekanso ku chipatala cha ku Zomba ndi kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kufunsa funso limeneli sikumuika munthu maganizo oipa. Kawirikawiri amapepukidwa kuti wina wazindikira.

Loweruka lija ndinapita. Kumanda sitinapite, iye anati anapitako yekha Lachinayi m'mamawa. Tinakhala pakhonde, mwana anabwera ndi mafunso ake a masamu, ndipo madzulo bambo ake anatulutsa zithunzi za ukwati zimene anali asanazitsegule chaka chonse. Analira, kenaka anaseka za suti yobwereka imene inamulekeza m'mikono.

Kwa inu amene muli ndi mnzanu wofedwa, ntchito yoyamba ndi yaing'ono. Lembani tsikulo kuseri kwa buku lanu la masikimu kapena mu foni, ndipo muike chizindikiro sabata imodzi lisanafike. Mulembenso la chaka chachiwiri. Pa chaka choyamba pamakhala chiliza, abale ndi mapemphero. Pa chachiwiri sipakhala mwambo uliwonse, ndipo amene amakumbukira amakhala ochepa kwambiri.