Chithunzi cha Mthetheleli Clinic

M'kankhani kena mtsikana wangomaliza kumene maphunziro a zojambula nyumba, wapatsidwa pulani ya kachipatala ka m'mudzi kuti aisandutse chithunzi cha pakompyuta. Chithunzi choyamba chinatuluka ngati nyumba ya ku Ulaya, magalasi okhaokha. Anachifafaniza. M'chithunzi chachiwiri anaikamo khonde lalitali loyang'ana kum'mawa, benchi ya amayi odikira sikelo ya ana, thanki yamadzi pambali, denga la malata lotulukira kunja kuti mvula isamenye khoma. Dzuwa analiika pa 9 koloko m'mawa, nthawi imene mzere umatalika. Opereka ndalama sanafunsenso za masikweya mita, anangoti "apa tikuonapo anthu", ndalama n'kutuluka.

Koma chimbudzi sanachionetse. Inu mukadakhala opereka ndalama, mukadafunsa?