Tinkayamba taona nsalu yakumbuyo

Chipinda chimene chinali situdiyo ya zithunzi kufupi ndi msika wa ku Zomba tsopano akugulitsiramo mafoni ndi machaja. Nditasuzumira mwezi watha ndinaona kuti misomali imene ankakolekapo nsalu yakumbuyo idakali pakhoma, koma nsaluyo palibe. Inali nsalu yaikulu yopakidwa penti ndi manja: nyanja yabuluu, migwalangwa iwiri, bwato, ndi thambo lotuwa kumwamba. Mabanja ambiri a m'dera lathu anaimapo patsogolo pake, ndipo ndi nsalu imeneyo imene inkatiuza chovala.

Zaka zimene ndimazikonda ndi za kumapeto kwa m'ma 1980, pamene zithunzi zamitundu zinali zitayamba kufala koma nzeru za nthawi ya zithunzi zakuda ndi zoyera zisanaiwalike. Kujambulitsa chinali chinthu chosungira ndalama. Filimu inkakhala ndi malo 24 kapena 36, wojambula sankadina kawiri pachabe, ndipo chithunzi munkachiona patapita masiku. Azimayi onse ankavala madiresi opitirira mawondo chifukwa lamulo la kavalidwe la mu 1973 linkaletsa thalauzi ndi siketi zazifupi, choncho za kutalika kwa chovala panalibe mkangano. Nkhani yonse inali pa mtundu.

Mayi ankapita kusitudiyo tsiku lojambulitsa lisanafike kukaona nsalu imene yakolekedwa. Pobwera ankatulutsa m'sutikesi chitenje chimodzi chokha, ndipo zovala za tonsefe zinkasankhidwa potsatira chitenjecho. Chaka chimene ndikuchikumbuka bwino anatulutsa cha ku David Whitehead, chakhofi chokhala ndi maluwa achikasu ndi timasamba toyererako. Chabuluu chimene ankachikonda anachibweza, amvekere, "Ndikavala ichi ndimira m'nyanja muja, muzingoona mutu wokha." Alongo anga awiri anawasokera madiresi achikasu opanda maluwa kwa telala wa pakhonde. Ine ndi mng'ono wanga tinavala makabudula a khaki ndi malaya otuwira ngati mkaka. Bambo anavala suti yawo yakhofi woderako. Mitundu yonse inali itatu basi, ndipo yonseyo inali m'chitenje cha mayi. Chovala cha maluwa chinali chimodzi pagulu lonse, moti diso la woona chithunzi linkayambira pa mayi n'kumayenda kupita kwa ife.

Madzulo oti mawa tikajambulitsa, zovala zonse zinkayalidwa pamphasa panja, mmene tikaimire: za bambo ndi mayi pakati, zathu m'mbali ndi kutsogolo. Mayi ankabwerera m'mbuyo mapazi angapo n'kutsinzina pang'ono. Munthu akatsinzina choncho maluwa ndi mizere zimazimirira, chimatsala n'chakuti apa pawala, apa pada. Chovala chimene chinkaonekabe chokha pamphasapo chinkachotsedwa, ngakhale chikhale chatsopano. Kenako simbi ya makala inkayamba ntchito, bambo akuiuzira kuti phulusa lisagwere pa malaya.

Kutsinzinako mayi anakuphunzira kwa wojambula, mkulu wina amene anayamba ntchitoyo kamera isanadziwe mitundu. Iye ankati pa chithunzi chakuda ndi choyera, diresi lofiira ndi masamba obiriwira zimatuluka zotuwa mofanana ndithu, moti mtsikana wovala zofiira ataima patsogolo pa mpanda wa maluwa amasowa thupi. N'chifukwa chake ankayamba kufunsa ngati chovala ndi chowala kapena chakuda poyerekeza ndi kumbuyo, za mtundu zinkabwera pambuyo. Nzeru imeneyi imagwirabe ntchito pa zithunzi zamitundu. Kumbuyo kukakhala kodera, gulu livale zowalirako. Kukakhala kowala, livale zoderako. Koma kusiyanako kusakhale kwa usiku ndi usana.

Malaya oyera mbee wojambulayo ankawakana. "Bambo, valani jekete, malayawo andidyera nkhope za ana," ankatero. Filimu siinkatha kusunga bwino chinthu choyera kwambiri ndi khungu lakuda pa chithunzi chimodzi. Akatsegula kamera kuti nkhope zioneke, malaya ankasanduka chigamba choyera chopanda mabatani. Akachepetsa kuwala kuti malaya atuluke, nkhope zinkada mpaka kutsala maso ndi mano. Choncho ankakonda malaya otuwira kapena abuluu wowala, ndipo choyera ankachilola pang'ono, pakolala kapena pa duku. Ankasunganso kansalu kopukutira mafuta a Vaseline amene mayi ankatipaka pamphumi, chifukwa fulashi ikawomba pamenepo pankanyezimira.

Chithunzi chikakhala chapakhomo, mkuluyo ankabwera pa njinga dzuwa litapendeka, cha m'ma 4 koloko. Khoma lathu linali la njerwa zootcha, ndipo apa malamulo ankatembenuka. Chofiira, chakhofi ndi chaolenji zinkakhala m'sutikesi chifukwa zimalowerera m'njerwa, ndipo chitenje chabuluu chija ndiye chinkapeza tsiku lake, ife tikuvala zabuluu woderako ndi zotuwa. M'dzinja, kumbuyo kukakhala chimanga kapena mtengo wa mango, zobiriwira zinkaletsedwa, zachikasu ndi zofiirira n'kuloledwa. M'chilimwe udzu ukauma, khaki yathu ija sinkaloledwa. Ankatiimikanso mapazi atatu kapena anayi kuchoka pakhoma, kuti mithunzi yathu isagwerepo ndiponso kuti njerwa zisaoneke zakuthwa kuposa nkhope.

Kenaka zinthu zinasintha monga tonse tikudziwira. Ndale za matipate zitabwera, kaunjika anadzaza m'misika, ndipo ana tinayamba kuvala masikipa olembedwa mawu akuluakulu pachifuwa. Pa chithunzi munthu amayamba kuwerenga mawuwo asanaone mwana. Mafoni atafika, zithunzi zinachuluka koma kukonzekera kunatha. Lero banja likafuna kuoneka logwirizana limagula nsalu imodzi, mayadi 6 kuchulukitsa kangapo, n'kusoketsa yunifolomu kuyambira agogo mpaka khanda. Paukwati ndi pachinkhoswe yunifolomu ndi yabwino, imasonyeza kuti awa ndi akuchimuna, awa akuchikazi. Koma pa chithunzi cha anthu khumi oima mothithikana, maluwa a uyu amalumikizana ndi a uyo, mapewa osadziwika pothera, nkhope n'kumayandama pamwamba pa nsalu imodzi. Ena amaimanso patsogolo pa khoma la mabaluni amitundumitundu, ndiye diso limasowa popumira. Malaya a timizere ting'onoting'ono nawo amatulutsa mafunde achilendo pa kamera ya foni.

Sindikukana kuti foni ili ndi ubwino wake. Imasunga choyera ndi chakuda pamodzi kuposa filimu ija, ndipo mukhoza kuyala zovala pamphasa, kuzijambula, n'kusandutsa chithunzicho chakuda ndi choyera kuti muone chimene chikulowerera ndi chimene chikuwala mopitirira. Mayi akanakondwa nacho chida chotere. Chimene chimandipweteka n'chakuti ochigwiritsa ntchito motero ndi ochepa.

Inu amene mwagula kale nsalu ya yunifolomu ya Khirisimasi ikubwerayi, musaitaye. Amayi kapena agogo avale yathunthu. Abambo telala awaikire pakolala ndi pathumba pokha, atsikana aimange ngati duku kapena lamba pa diresi lopanda maluwa, ndipo mtundu wa madiresiwo muutenge m'nsalu momwemo. Musanapite kwa telalayo, kaimeni pamalo amene mudzajambulirepo, pa ola lomwelo, nsaluyo ili m'manja.