Dzina la Nyumba ya Alendo Limayesedwa M'kamwa mwa Mlendo

Pa boma la Dedza, kufupi ndi msewu wa M1, pali nyumba ya zipinda 8 imene bambo wina anaimanga ndi ndalama za penshoni, koma anatsikira kulichete asanakhome mazenera. Atameta maliro, mayi wamasiye ndi ana ake anagwirizana kuti nyumbayo ikhale yogona alendo. Malo ake anali abwino ndithu. Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, ndipo pamenepa pamadutsa anthu a mitundu iwiri. Ena amadzakwera phiri ndi kuona zithunzi zamakedzana za m'matanthwe a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Ena amabwera pa ntchito: ogula kachewere, otumidwa ndi mabungwe, ndi amalonda odzera pa chipata cholowera ku Mozambique. Denga linatha, mabedi anagulidwa, koma chikwangwani chinakhala choyera kwa miyezi itatu, pakuti dzina linagawa banja.

Mayi aja anafuna dzina la malemu amuna awo. Palibe amene akanawadzudzula, popeza kutcha mwana dzina la agogo ake ndi mwambo wakale wosungira anthu amene anatsogola. Koma alongo awo, amene ali mwinimbumba, anapukusa mutu.

"Chemwali, mukalemba mfunda wa alamu pakhomopo, mawa akuchimuna adzati nyumbayi ndi ya mtundu wawo. Chikwangwani chidzakhala mboni yawo pabwalo."

Mwina milandu yotere sikanabuka, koma mawuwo anakhala ngati minga m'phazi. Panalinso chifukwa china chimene mwana wamkazi anachitchula mwaulemu. A Phiri ndi a Banda adzaza dziko lonse, kotero mlendo wofunsa za nyumba ya a Phiri angalozeredwe makomo khumi asanafike pa khomo loyenera.

Mwana wachisamba, amene anali atatopa ndi miseche ya anansi onena kuti ana amasiye sangamalize nyumba, anati ingotchedwa Alekeni Anene. Mayina otere si achilendo. Aliyense woyenda m'misika anaonapo magolosale ndi maminibasi olembedwa Zonse ndi Nthawi kapena Nsanje Silemeretsa, ndipo amachokera ku mwambo womwe uja umene unabala ana otchedwa Mavuto ndi Nditani. Makolo amatcha dzina kuti alankhule ndi wina amene sangamuyang'ane m'maso. Pa golosale zimatheka, chifukwa wogula sopo ndi wa m'mudzi momwemo ndipo nkhaniyo akuidziwa. Koma mlendo wofika usiku ndi chikwama sadziwa amene ananena, ngakhale chimene ananenacho. Iye amangomva kuti pakhomopo pali mkangano, ndipo palibe wofuna kugona pakati pa mkangano wa eni.

Apa ndi pamene mdzukulu wina, amene amagwira ntchito yowerengera ndalama mu mzinda, anatulukira ndi kalumo kakuthwa. Iye anati dzina lililonse lisanapakidwe utoto liyambe layenda ulendo umene mlendo amayenda. Liyambe latchulidwa pa foni kwa munthu amene sanalimvepo, iye alilembe pa pepala. Kenaka liuzidwe kwa anyamata a kabaza pa siteji, aone ngati adzalikumbukira mawa lake. Pomaliza lilembedwe pa lisiti, ngati kuti likupita ku ofesi kukabwezetsa ndalama za malo ogona.

Mayesowa anagwetsa mayina okoma ambiri. Ng'ombeyamoyo, dzina limene agogo ena analikonda, linabwerako litalembedwa m'njira zitatu, chifukwa kachizindikiro ka pakati pa ng ndi o ambiri amakasiya, ndipo mlendo wa kunja amalephera kuyamba liwu ndi kamvekedwe kameneka. Masiku ano alendo ochuluka amayamba afufuza malo pa Google Maps asananyamuke, ndipo dzina lovuta kalembedwe lingathe kubisa nyumba imene ili pamphepete penipeni pa msewu. Mpumulo linaoneka ngati lapambana, kufikira mayi aja atanena motsitsa mawu kuti iwo akamva liwuli amakumbukira mpumulo wa bata umene amapempherera omwalira. Mthunzi linagwa chifukwa chofananacho, pakuti m'Malawi muno ambiri amalidziwa ngati dzina la kampani yothandiza pa maliro. Mphala nalo linakanidwa. Kwa wophunzira Chichewa cha m'buku ndi nyumba yogonamo basi, koma wokulira kumudzi amadziwa kuti mphala ndi gowelo la anyamata osakwatira, ndipo mayi woyenda yekha pa ntchito sangauze amuna ake kuti wagona kumeneko.

Nkhani ya lisiti ndiyo inatenga nthawi, ndipo m'pake. Mlendo wodzaona phiri amalipira za m'thumba mwake, ndiye amakopeka ndi dzina lonunkhira dera limene wafikalo. Wobwera pa ntchito amalipira ndalama zimene wina adzazifunsa. Lisiti lake limadutsa m'manja mwa wowerengera chuma amene sanaone nyumbayo, ndipo chimene amaona ndi dzina, chidindo ndi nambala ya msonkho ya ku MRA. Dzina la nthabwala limachititsa manyazi munthu wolipereka. Liwu lotsatira dzina nalonso lili ndi katundu wake. Mawu oti resitihausi kale anali aulemu, pamene nyumba zotere zinkasunga antchito a boma pa ulendo, koma m'matauni ambiri anadzayamba kutanthauza zipinda za kuseri kwa bala, zobwereka kwa maola ochepa. Hotela ikanalonjeza zimene zipinda 8 sizingakwanitse, ndipo mlendo wolonjezedwa ng'ombe n'kupatsidwa nkhuku sabweranso. Anagwirizana pa loji.

Dzina lenilenilo silinachoke m'kamwa mwa wophunzira aliyense. Tsiku lina m'mwezi wa Juni, chisanu cha ku Dedza chitafika poluma zala, mayi aja anali kuothera dzuwa pamene mmisiri wa chikwangwani anafika kudzafunsa kachitatu. Iwo anamuyalira mphasa nati, "Khalani pakhonde pano, bambo, mawu abwera." Mdzukulu uja anaimva. Pa mwambo wa Achewa, khonde ndi pamene mlendo amafikira akaodira. Amalonjeredwa pamenepo, amapatsidwa madzi, amatula nkhani ya ulendo wake, ndipo malonda a mbuzi kapena chimanga amakambidwanso pomwepo. Si m'kati mwa nyumba, kumene kuli zinsinsi za eni, komanso si pabwalo pa aliyense. Woyenda ndi wamalonda onse ali ndi malo pakhonde.

Pakhonde linayenda ulendo uja bwinobwino. Amene analimva pa foni analilemba molondola, kupatula mmodzi wa kunja amene anasiya h, koma akabaza anamumvabe. Asanalipire mmisiri, anatuma munthu kukafufuza ku ofesi yolembetsa mabizinesi ngati wina sanalitenge kale, chifukwa dzina lofanana ndi la mnzako limakanidwa, ndipo utoto ukauma subweza ndalama. Pansi pa dzinalo anawonjezera liwu loti Dedza, kuti wofufuza pa foni asasochere ku makonde a maboma ena.

Mayi aja sanakhutire msanga. Kwa masiku angapo sanafune kuyang'ana chikwangwanicho, ndipo alongo awo anachita kubwera kawiri kudzawapepesa. Pamapeto pake chithunzi cha malemu chinapachikidwa m'chipinda cholandirira alendo, pamwamba pa tebulo lolemberapo malisiti, ndipo mlendo akafunsa kuti bambowo ndani, amene amayankha ndi mayiwo.